Chibwano chayabwa patatha masiku awiri: dayi wa m'mutu, ndevu ndi nsidze

*Ndine bambo wa zaka 47, ndimakhala ku Chibavi. Imvi zinayambira kundevu, ndiye kwa zaka zitatu tsopano wondimeta amandipaka dayi wakuda wa ufa uja, m'mutu kamodzi pamwezi, kundevu masabata awiri alionse akatha kundiwongola m'mbali ndi lezala. Ulendo wathawu tsiku lodayalo panalibe vuto, koma patatha masiku awiri chibwano chinayamba kuyabwa, kutuluka timatuza, milomo n'kutupako. M'mutu muli bwinobwino. Ndisinthe mtundu wa dayi, kapena vuto ndi lezala? Komanso mayi akunyumba akufuna kudaya nsidze ndi ufa wotsalawo, poti tili ndi ukwati wa mwana wathu mwezi wamawa.*

Bambo, ufa umenewo usafikenso pankhope panu, ndipo pakadali pano usafikenso ngakhale m'mutu. Mayi nawonso asaukhudzitse pansidze. Chimene chikundiyankhulitsa motsimikiza chonchi si matuzawo, koma tsiku limene anatulukira.

Dayi amavulaza khungu m'njira ziwiri, ndipo nthawi ndiyo imazisiyanitsa. Njira yoyamba ndi kuwotcha. Mankhwala akakhala amphamvu, kapena akakhalitsa, kapena akalowa pamene lezala ladula, munthu amamva kuwawa ali pampando pomwepo. Mukatsuka ululu umayamba kuchepa, khungu limauma n'kusupuka pang'ono, pakatha masiku ochepa zatha. Zimenezi zingachitikire aliyense. Njira yachiwiri ndi kuwengedwa, ndipo iyi imabwera mochedwa. Tsiku lodaya mumachoka kometetsa mukusangalala, mawa lake mwina kanthu kakang'ono, kenaka tsiku lachiwiri kapena lachitatu kuyabwa kosagonetsa, kutupa, timatuza totuluka madzi. Chomwe chachitika n'chakuti chitetezo cha m'thupi chazindikira mankhwala ena a mu dayimo ngati mdani, ndipo chimatenga maola 24 mpaka 72 kuti chisonkhane pamalopo. Zomwe mwafotokozazi zikugwera m'njira yachiwiriyi. Lezala payekha akanakupatsani tiziphuphu patsinde pa tsitsi lililonse, makamaka m'khosi, osati matuza oyabwa ndi milomo yotupa.

Mankhwala amene amawenga anthu ambiri mu dayi wakuda amatchedwa PPD. Pabokosi muwapeza atalembedwa kuti `p-Phenylenediamine`, ndipo m'bale wake ndi PTD, wolembedwa kuti `Toluene-2,5-diamine`. PPD payekha sadetsa tsitsi. Ndi tinthu ting'onoting'ono tomwe timalowa m'kati mwa tsitsi likafewetsedwa ndi amoniya kapena mankhwala ena onga iye, kenaka perokisaidi amatilumikiza kukhala tinthu tokulirapo takuda tomwe sitingathenso kutuluka. Dayi wa ufa wothira madzi amagwira ntchito chimodzimodzi, kungoti perokisaidi wake ali mu ufa momwemo ndipo amadzuka madzi akalowa. Kuchepa komwe kumathandiza PPD kulowa m'tsitsi ndiko kumamulowetsanso m'khungu. N'chifukwa chake maiko a ku Ulaya salola kuti apitirire 2 peresenti mu dayi wosakaniza kale, ndipo amalamula kuti bokosi lichenjeze kuti dayiyo si wa ana osakwana zaka 16.

Mwina mukudabwa kuti zaka zitatu zonsezi bwanji sizinkachitika. Umu ndi mmene kuwengedwa kumayendera. Thupi silibadwa likudana ndi PPD, limachita kuphunzira, ndipo ena limawatengera miyezi, ena zaka khumi, ena silidzaphunzira n'komwe. Koma likaphunzira siliiwala. Ulendo wotsatira limayankha msanga komanso mwaukali kuposa woyamba, ndipo silisankha malo. Kuti m'mutu muli bwino sizikutanthauza kuti mutu wapulumuka. Khungu la m'mutu ndi lochindikala, motero limachedwa kuonetsa. Nthawi zambiri anthu owengedwa ndi dayi wa m'mutu amabwera kuchipatala atatupa zikope, makutu, pamphumi ndi kumbuyo kwa khosi, m'mutu mwenimwenimo muli mooneka bwino.

Kuti chibwano chiyambe ndicho si ngozi. Tiyeni tiwerengere limodzi. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, kutanthauza mamilimita awiri kapena atatu pasabata. Ngati ndevu zanu mumazisiya zotalika mamilimita asanu, pakatha masabata awiri pafupifupi zonse zimene zatsala mukameta ndi zatsopano, zoyera. Ndiye mumadayanso. Pachaka chibwano chanu chalandira dayi ka 26, pamene mutu walandira ka 12. Onjezani kuti ndevu zazifupi chonchi n'zosatheka kuzidaya osapaka khungu, chifukwa burashi imafika pansi nthawi yomweyo. Ometa ena amachita dala kupaka khungulo kuti ndevu zioneke zodzaza ndi mizere yowongoka bwino, ndipo makasitomala amakonda. Ine ndikaona mzere wakuda bii patsaya la munthu ndimadziwa kuti PPD wagona pakhungu.

Chachikulu koposa ndi dongosolo la wometayo: lezala poyamba, dayi pambuyo. Lezala, ngakhale lakuthwa bwanji, limapala kachikopa kapamwamba komwe kamatchinga mankhwala, ndipo limasiya timabala tosaoneka ndi maso. Abambo ambiri a tsitsi lopotana ngati lathuli alinso ndi ziphuphu za kumeta zija, zomwe zimabwera tsitsi likapindika n'kubaya khungu. Chiphuphu chilichonse ndi khomo lotsegula. Kenaka wometa amapaka sipiriti, n'kuika dayi pamwamba. Choncho pa funso lanu la lezala, lezala ali ndi mlandu wotsegula khomo, koma wolowa m'nyumba ndi PPD, ndipo kusiya lezala lero sikungabweze thupi lanu mmene linalili.

Pali chinanso. Tsitsi la ndevu ndi lokhuthala komanso louma kuposa la m'mutu, ndipo imvi za kundevu zimakana dayi. Wometa akaona kuti sizikugwira amawonjezera ufa, kapena kusiya dayi nthawi yaitali kuposa yomwe yalembedwa. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, kuzizira kwa kuno ku Mzuzu kumachedwetsa dayi kugwira, khungu nalo limakhala louma ndi long'aluka, ndiponso palibe amene amafuna kutsukidwa nthawi yaitali ndi madzi ozizira a m'ndowa. Dayi wotsalira pansi pa chibwano ndi m'mphepete mwa milomo amapitiriza kulowa usiku wonse. Ndipo ndevu za pamwamba pa mlomo zili pakati pa mphuno ndi kamwa: fungo la mankhwala mumalipuma, malovu amanyowetsa dayi, lilime limafikapo osadziwa.

Dayi wopangira ndevu amasiyana ndi wa m'mutu pa zinthu zimenezi. Amakhala wolimba ngati phala kuti asayenderere, amasakanizidwa pang'onopang'ono molingana ndi ndevu, ndipo ambiri amakhala mphindi zisanu zokha, pamene wa m'mutu amakhala mphindi 20 mpaka 45. Kwa munthu amene sanawengedwepo kusiyanaku n'kwenikweni. Koma musathamangire kusitolo, bambo, chifukwa ambiri mwa madayi a ndevu akuda ali ndi PPD yemweyo kapena PTD. Kwa inu mphindi zisanu n'zokwana kudzutsa matuza. Kusintha dzina la pabokosi sikusintha zomwe zili m'kati. Mawu akuti mulibe amoniya asakupusitseni, amoniya si amene wakuwengani. Chithunzi cha masamba ndi mawu akuti ndi wa zitsamba nazonso sizinena kanthu. Tembenuzani bokosi muwerenge mndandanda wa zosakaniza. Ngati paketi ilibe mndandanda, kapena ufa akuugulitsa mopungulira m'timapepala, siyani.

Chenjezo lapadera ndi la hina wakuda. Hina weniweni ndi masamba osinja, obiriwira, ndipo amasiya mtundu wofiirira ngati njerwa patatha maola angapo. Sadetsa. Hina aliyense amene amadetsa bii m'mphindi zochepa waikidwa PPD, kawirikawiri wochuluka kuposa wa mu dayi wamba. Amayi ena amayamba kuwengedwa ndi dayi chifukwa cha maluwa akuda ojambulidwa m'manja pa zikondwerero.

Nanga chibwanocho muchite nacho chiyani panopa? Sambani ndi madzi ofunda ndi sopo wosanunkhira kuti dayi wotsala achoke. Lezala asafikepo mpaka chitapoleratu. Ngati ndevu zikukusowetsani mtendere, zidulidwe ndi makina oika chipeso, osakhudza khungu. Pamene pakutuluka madzi ikanipo kansalu koyera konyowa ndi madzi ozizira kwa mphindi khumi kangapo patsiku, pakauma pakani vaselini wopanda fungo. Sipiriti, mandimu ndi mankhwala otsukira mano zimangowonjezera moto. Pitani kuchipatala chapafupi mutanyamula bokosi la dayilo. Kawirikawiri timapereka mafuta a haidirokotizoni a 1 peresenti, opaka mopyapyala kawiri patsiku kwa masiku osapitirira asanu ndi awiri, ndi mapiritsi ochepetsa kuyabwa monga setirizini kapena piritoni. Piritoni amagonetsa, choncho ngati mumayendetsa galimoto kapena njinga yamoto nenani. Musagule nokha timachubu tamphamvu tija tomwe ena amayeretsera khungu. Timaziziritsa kuyabwa msanga, inde, koma pankhope timapyapyalitsa khungu ndi kubweretsa ziphuphu zovuta kuchiza. Mukaona nkhanambo zachikasu, mafinya, kapena thupi likutentha, ndiye kuti mabala alowa tizilombo ndipo pakufunika mankhwala ena. Zikakana kupola, pemphani akutumizeni kwa oona za khungu ku Mzuzu Central.

Pakhungu lakuda kufiira sikuoneka bwino, ndipo mabokosi ambiri amangonena za kufiira. Inu muziyang'ana kutupa, kunyezimira, kutentha mukagwira, kapena malo oderapo kuposa pozungulira. Kupola kumatenga masabata awiri mpaka anayi, ndipo pambuyo pake pangatsale chigamba chakuda kwa miyezi ingapo. Mwa anthu ochepa PPD amawononga mtundu wa khungu n'kusiya zigamba zoyera motsatira mzere wa ndevu, ndipo zimenezi zimavuta kwambiri kubwezeretsa. Ukwati wa mwezi wamawa mungaufike chibwano chitapola ngati musiya lero.

Pali mtundu wina wa kuwengedwa wosowa koma woopsa, umene umabwera m'mphindi zochepa: zidzolo thupi lonse, lilime kapena kukhosi kutupa, kubanika, chizungulire. Zikatero tsukani dayi msangamsanga n'kuthamangira kuchipatala, osadikira kuona ngati zisintha.

Anzanu akuuzani kuti muyese kadontho kuseri kwa khutu. Kuyesa kumeneku n'kwa munthu amene sanawengedwepo. Inu thupi layankha kale, ndipo mabokosi enieniwo amalemba kuti amene anatupapo ndi dayi asagwiritsenso ntchito. Kuyesa kwa kuchipatala n'kosiyana: amamata PPD wochepa, woyezedwa, pamsana, n'kuchotsa patatha maola 48, n'kuonanso patatha tsiku limodzi kapena awiri. Mpaka wa zakhungu atakuuzani china, dzitengeni kuti ndinu wowengedwa ndi PPD, ndipo PTD musamuyese chothawirako, chifukwa ambiri owengedwa ndi woyambayo amawengedwanso ndi wachiwiri. Muzinenanso zimenezi mukapita kuchipatala pa matenda ena, poti pali mankhwala ochepa, monga benzokeni wochititsa dzanzi, omwe thupi lingawasokoneze ndi PPD.

Zokutsalirani zilipo, ngakhale palibe yofanana ndi ufa uja. Pali zodetsa za tsiku limodzi, zokhala ndi kaburashi ngati masikara, zomwe zimamata kunja kwa tsitsi n'kuchoka posamba. Pa tsiku la ukwati zimakwanira, bola khungu litapola ndipo mwawerenga zosakaniza. Hina weniweni sawenga anthu ambiri, koma pa imvi amatulutsa mtundu wa lalanje, ndiye ganizani kaye ngati mukufuna kuoneka choncho pa zithunzi. Kapena ndevu zometedwa bwino zokhala ndi imvi zake. Kunena zoona, pa bambo wa mkwati kapena mkwatibwi ine ndimaona kuti zimakhala bwino kuposa zakuda bii pankhope ya zaka 47, koma nkhope ndi yanu.

Kwa owerenga ena amene dayi sanawavutepo ndipo akufuna kudaya ndevu, njira yochepetsa ngozi ndi iyi. Gulani dayi wolembedwa kuti ndi wa ndevu, mtundu wopepukirapo kuposa tsitsi lanu, chifukwa ndevu zimaoneka zakuda kuposa chithunzi cha pabokosi. Maola 48 musanadaye, pakani kadontho m'kati mwa chigongono kapena kuseri kwa khutu motsatira kapepala ka m'bokosi, ndipo muzitero ulendo uliwonse, osati woyamba wokha. Kuyesaku sikugwira onse, koma kumagwira ambiri. Lezala asadutse pankhope tsiku lodaya ngakhale dzulo lake. Uzani wometa kuti adaye kaye, mizere adzawongole tsiku lina. Pakani vaselini pamilomo ndi m'malire a ndevu, valani magolovesi, pesani dayiyo m'tsitsi m'malo momutikita pakhungu, ndipo nthawi muyeze ndi foni. Imvi zikakana, musawonjezere mphindi. Tsukani mpaka madzi ayere, makamaka pansi pa chibwano. Ndevu zotalikirapo zimabisa mizu yoyera, motero mutha kutalikitsa nthawi kufika masabata atatu kapena anayi.

Tsopano za mayi. Apa nkhani si khungu lokha, ndi diso. M'chaka cha 1933 ku Amereka kunali dayi wa nsidze wotchedwa Lash Lure, wokhala ndi PPD. Amayi angapo anasiya kuona, mmodzi anamwalira, ndipo nkhaniyi inathandiza kuti dzikolo likhazikitse lamulo la 1938 loyang'anira zakudya, mankhwala ndi zodzola. Kuchokera pamenepo mabokosi a dayi wa m'mutu amalembedwa kuti asagwiritsidwe ntchito pansidze, ndipo mukayang'ana lanulo mwina mupeza mawuwo.

Zifukwa zake n'zooneka. Dayi wa ufa akasakanizidwa amakhala wamadzimadzi, ndipo nsidze zili pamwamba penipeni pa diso, kotero thukuta pang'ono kapena kuweramuka kokha n'kokwanira kuti dontho litsike. Mankhwala ofewetsa tsitsi aja ali m'gulu limodzi ndi soda, ndipo a gulu limeneli akalowa m'diso samangowotcha pamwamba, amapitiriza kulowa m'kati mwa galasi la diso n'kusiya chipsera choyera chotchinga kuona. Perokisaidi wa dayi wa m'mutu amakhala 6 peresenti, nthawi zina 9 kapena 12, pamene wa nsidze nthawi zambiri amakhala 3. Ndiponso khungu la zikope ndilo lopyapyala kuposa lina lililonse m'thupi. Munthu akawengedwa pamenepo maso amatupa mpaka kutsekeka, ndipo zimatenga masiku kuti atseguke bwino.

Ngati mayi akufunitsitsa nsidze zodayidwa, pali dayi wopangira nsidze, wolimba ngati mafuta, wosakaniza ndi perokisaidi wa 3 peresenti, wokhala mphindi zisanu mpaka khumi. Mtundu wake umatha pakadutsa masabata atatu mpaka asanu ndi limodzi. Apite kusaluni, asadzipake okha, chifukwa maso amafunika kukhala otseka ndipo munthu sangadzipake atatsinzina. Apemphe kuona chubu ndi botolo lake. Akaona wa saluni akutunga m'mbale yomwe akudayira tsitsi la munthu wina, adzuke. Dayi wa nsidzeyu nayenso nthawi zambiri ali ndi PPD kapena PTD, choncho kuyesa kwa maola 48 kuchitike, ndipo ngati anatupapo ndi dayi wa m'mutu kapena hina wakuda, asayerekeze. Kuzula, kumeta ndi lezala kapena kuchotsa nsidze ndi ulusi kubwere pambuyo pa kudaya, pa chifukwa chomwe chija cha chibwano chanu. Wopaka azungulize vaselini, mayi agonekere mutu kumbuyo, ndipo pochotsa apukute ndi thonje lonyowa kulowera kukhutu, osati kutsikira kudiso. Pakhale sabata yathunthu pakati pa kudaya ndi tsiku la ukwati, kuti ngati china chavuta chipeze nthawi yopola. Tsitsi la m'mphepete mwa chikope lisakhudzidwe n'komwe. Koma mukandifunsa ine, pensulo ya nsidze imachita ntchito yomweyo pa tsikulo, ndipo ikalakwika amangopukuta.

Dayi akalowa m'diso, kaya kusaluni kaya kunyumba, madzi ndiwo oyamba, chipatala chachiwiri. Pendeketsani mutu kuti diso lovulalalo likhale pansi, tsegulani zikope ndi zala, thirani madzi oyera kuchokera mbali ya kumphuno mosalekeza kwa mphindi 15 mpaka 20. Ngati munthuyo wavala magalasi omata m'diso, achotsedwe madzi akuthiridwa. Osatikita, osathira mkaka, mkodzo, kapena mankhwala a m'maso otsala a munthu wina. Mukatha pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale ululu utachepa, makamaka ngati diso likuona mwachimbuuzi kapena likukana kuwala.

Ufa wotsalawo utayeni, koma osati padzala pomwe ana amasewera. PPD akamezedwa ndi poizoni woopsa, amatupitsa kukhosi mpaka kutseka mpweya ndipo amawononga impso. Dayi wosakaniza kale sasungidwa m'botolo lotseka, chifukwa amatulutsa mpweya ndipo botolo lingaphulike. Wometa wanuyo mumuuzenso kuti makina, chipeso ndi thaulo zimene akugwiritsa ntchito pa inu zikhale zosakhudza dayi wa kasitomala wina, ndipo ngati iye mwini amasakaniza ndi manja opanda magolovesi, ayang'ane zala zake ngati sizinayambe kung'aluka ndi kuyabwa.